Zotsekemera zopanda shuga: n'chifukwa chiyani m'mimba mumalira?

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, abale amene ali m'tauni amayamba kumutumizira maswiti, chingamu ndi mabisiketi olembedwa kuti mulibe shuga. Zinthuzi zafika ndithu m'makomo mwathu kuno ku Mpingu. Pakapita masiku, wodwalayo amayamba kudandaula kuti m'mimba mukubwata, mpweya sukutha, ndipo chimbudzi chafewa ngati phala. Apa ambiri timanamizira madzi a pachitsime kapena nyemba za dzulo. Nthawi zina wolakwa amakhala m'thumba la malaya.

Opanga zakudya akachotsa shuga amaikamo zotsekemera zina: sobitolo, manitolo, malititolo ndi zailitolo. Dzina la gulu limeneli m'Chingerezi lili ndi mawu otanthauza mowa, koma musadere nkhawa abale anga, siziledzeretsa ndipo si mowa ayi. Papaketi mudzazizindikira chifukwa mayina ake amathera ndi zilembo za -tol, kapena mudzaona manambala awa: E420, E421, E965 ndi E967.

Shuga wamba amalowa m'magazi akafika m'matumbo aang'ono. Zotsekemera izi zimalowa pang'ono chabe, ndipo n'chifukwa chake sizikweza shuga wa m'magazi msanga. Zotsalazo zimapitirira ulendo, ndipo zimakoka madzi. Amayi mukudziwa zimene zimachitika mukawaza mchere pa kabichi woduladula: pakapita kanthawi madzi amatuluka okha. M'matumbo zimachitikanso chimodzimodzi. Madzi amene akanabwerera m'thupi amakhalira m'matumbo, chimbudzi n'kufewa.

Zikafika m'matumbo aakulu zimapeza tizilombo tabwino timene timakhala m'menemo. Tizilomboti timazidya n'kuzisasitsa, monga thobwa losiyidwa masiku angapo limachitira thovu. Thovu limenelo ndiwo mpweya wotupitsa mimba uja.

Nkhani yagona pa kuchuluka. Anthu ambiri akadya magalamu 10 a sobitolo amamva mpweya ndi kutupa, ndipo akafika pa magalamu 20 ena amapotokola m'mimba n'kutsegula. Ana amavutika ndi mlingo wochepa kuposa pamenepa. M'chaka cha 2008 madokotala a ku Berlin, m'dziko la Germany, analemba za mayi wa zaka 21 amene anatsegula m'mimba kwa miyezi yambiri mpaka kutsika ndi makilogalamu 11. Anamuyeza zambiri osapeza kanthu. Atamufunsa za kadyedwe, anapeza kuti ankatafuna chingamu chopanda shuga chomwe chinkamupatsa magalamu 18 mpaka 20 a sobitolo tsiku lililonse. Atasiya, m'mimba munaleka.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kachingamu kamodzi kangakhale ndi galamu imodzi ndi pang'ono. Bambo woyendetsa kabaza pamsewu wa Mchinji akatafuna 8 patsiku, wafika kale pa magalamu 10. Awonjezerepo maswiti 4 opanda shuga olemera magalamu 3 lililonse, ndipo maswiti otere pafupifupi onse amakhala zotsekemera zokhazokha, ndiye kuti wadutsa 20. Iyeyo sanganene kuti wadya kanthu, poti chingamu sitichiwerengera ngati chakudya. Mankhwala ena amadzi a chifuwa alinso ndi sobitolo, ngakhalenso mapichesi ndi maapulo ali nayo mwachilengedwe, ndiye zonsezi zimaphatikizana m'mimba imodzi.

Timapiritsi tothira m'zakumwa, ta sakarini kapena stiviya, n'tosiyana. Timatsekemera kwambiri moti munthu amagwiritsa ntchito kochepetsetsa, ndipo kawirikawiri sititsegula m'mimba. Koma zaufa zothira ndi supuni nthawi zina amazisakaniza ndi za -tol zija kuti zichuluke, choncho werengani papaketi.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi limeneli, siyani zonse zopanda shuga kwa masiku atatu, osasintha zakudya zina. Ngati ndi zotsekemerazi, mpweya umachepa ndipo chimbudzi chimabwerera m'malo. Mukafuna kuyambiranso, yambani ndi kamodzi kapena tiwiri, mutadya kale. Ine ndimaona kuti kwa wodwala shuga n'kwabwino kuzoloweza lilime kukoma kwa chakudya chosatsekemera kusiyana n'kuwononga ndalama pa maswiti odulawa.

Kutsegula kwa zotsekemera sikubwera ndi kutentha thupi, magazi m'chimbudzi kapena kusanza kosalekeza. Mukaona zimenezi, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, musadikire masiku atatu aja. Imwani Thanzi ORS ndipo thamangirani kuchipatala, chifukwa angakhale kamwazi kapena kolera. Odwala shuga dziwaninso kuti mankhwala a metifomini nawonso amatsegula m'mimba, makamaka poyamba. Musawasiye panokha. Tengani mankhwalawo pamodzi ndi mapaketi a zimene mwakhala mukudya, mukawaonetse adokotala.