Husserl sananene kuti tikhuthule mutu

Ophunzira ena akufalitsa zoti fenomenoloje ndi kukhuthula mutu mpaka osaganiza kanthu. Ife tikukana. M'buku lake la 1913, Edmund Husserl anaphunzitsa kuti maganizo nthawi zonse amaloza chinthu. Munthu sangoopa chabe, amaopa chinachake.

Tengani madzi otentha a pa Chinyunyu. Wina akuti ndi mizimu, wina akuti ndi miyala yotentha pansi pa nthaka. Njira ya Husserl ndi kuuimika kaye mlanduwo, osavomereza, osatsutsa, n'kufotokoza mmene madziwo akuonekera kwa munthu. Agogo amafikapo mwaulemu, pomwe mlendo wa ku Lusaka amaonapo pojambulira chithunzi. Wothamangira kuwaseka agogowo wagamula kale mlandu uja, ngakhale akhale ndi digiri.