Thobwa limakoma likagonera, koma si mankhwala

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo thobwa nalo n'chimodzimodzi. Agogo anga ankaphika phala la mgaiwa madzulo, n'kulisiya kuti lipole mpaka chala chizipirira. Atatero ankawazamo chimera cha mawere n'kumatakasa. Phala lomwe linali lolimba ngati likufuna kukhala nsima linkasungunuka maso akuona. Kenako ankavundikira mtsuko n'kutiuza kuti, "Musagwire, ligone kaye." Likamacha, linali litatsekemera komanso litayamba kuwawasira.

Masiku ano adzukulu a agogo omwewo akugula timabotolo ta makapisozi otchedwa mapurobayotiki, pamtengo woti ukanagula thumba la chimanga. Ogulitsa amati muli mabakiteriya abwino okonza m'mimba, olimbitsa chitetezo cha thupi, ochotsa ziphuphu, ena mpaka akuti ochepetsa nkhawa. Ena abwerera ku mtsuko n'kumanena kuti thobwa ndiye purobayotiki wathu wachikuda. Ine ndikuona kuti onsewa akulumpha mfundo.

Tiyambe ndi za mumtsuko. Chimera ndi mbewu yomwe yayamba kumera, ndipo mbewu ikamamera imapanga mphamvu yophwanya ufa wake kuti usanduke shuga wodyetsa kamera. Mphamvu imeneyo ndi yomwe imasungunula phala. Ikagwa m'phala lotentha kwambiri imafa, n'chifukwa chake agogo ankayesa ndi chala. Phindu lake kwa mwana ndi lalikulu: phala lasungunuka popanda kuthiramo madzi, choncho kapu imodzi imakhala ndi ufa wambiri kuposa phala lamadzimadzi. Usiku ntchito imatsala kwa mabakiteriya obwera ndi chimera ndi okhala mumtsuko. Amadya shuga uja n'kutulutsa asidi, yemwe ndi kuwawasa timamva kuja. Chakudya chikawawasa mokwanira, majeremusi ambiri otsegula m'mimba amalephera kuswana. Kumudzi kopanda firiji, imeneyi inali nzeru yopulumutsa ana.

Koma m'makomo ambiri thobwa limabwereranso pamoto m'mawa kuti liwire. Likawira, mabakiteriya aja afa. Thobwa lotero ndi chakudya chabwino ndithu, mwinanso chotetezeka kuposa losawiritsa, koma mulibe zamoyo zoti zikakhale m'matumbo. Ndipo kuwawasa sikuti kumachiza zonse. Chimanga kapena chimera cha chuku chimakhalabe ndi poizoni wake ngakhale thobwa litakoma bwanji.

Mawu oti purobayotiki ali ndi malire. Mu 2001 akatswiri oitanidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO anagwirizana kuti ndi tizamoyo tamoyo tomwe, tikaperekedwa pamlingo wokwanira, timapindulitsa thanzi la munthu. Zofunika n'zitatu: tikhale tamoyo, tikhale tokwanira, ndipo phindu lioneke poyesa. Chachitatuchi ndiye chimagwetsa ambiri.

Nkhani yake ndi yakale. Mu 1907 Élie Metchnikoff, wasayansi wa ku Russia yemwe ankagwira ntchito ku Paris, analemba kuti alimi a ku Bulgaria amakhalitsa ndi moyo chifukwa cha mkaka wowawasa. Iye ankaumwa tsiku ndi tsiku, ndipo anamwalira mu 1916 ali ndi zaka 71. Linali ganizo lokongola, koma umboni panalibe.

Kuti m'matumbo muli nkhani, zimenezo n'zoona, ndipo umboni wina waukulu unachokera kuno kwathu. Ofufuza anatsatira mapasa a m'Malawi, mapeyala 317, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2013. Panali mapasa obadwa limodzi, odyera m'mbale imodzi, koma wina n'kutupikana ndi kwashoko mnzake ali bwinobwino. Anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha anawo n'kuwaika mu mbewa zoleredwa zopanda bakiteriya aliyense m'mimba. Mbewa zomwe zinalandira mabakiteriya a mwana wodwala n'kumadyetsedwa chakudya chonga cha kumudzi kwathu, zinawonda kwambiri. Apa tinaphunzira kuti kunyentchera si nkhani ya mbale yokha.

Ndiye munthu angaganize kuti tingowapatsa anawo mabakiteriya abwino, basi yatha. Zinayesedwa kale, ku Blantyre konkuno. Pachipatala cha Gulupu anatenga ana 795 onyentchera kwambiri n'kuwagawa pawiri mwamaere. Onse ankalandira chiponde, koma cha gulu limodzi anathiramo mitundu inayi ya mabakiteriya owawasitsa chakudya pamodzi ndi zakudya za mabakiteriyawo. Mayi sankadziwa chomwe mwana wake walandira, ngakhale dokotala sankadziwa, kuti mtima usakondere. Zotsatira zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2009. Mwa ana 100 alionse, ochira anali pafupifupi 54 kwa olandira mabakiteriya ndi 51 kwa enawo, kusiyana kochepa koti kungabwere mwangozi chabe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mu 2018 kafukufuku wina wamkulu ku America ndi wina ku Canada anayesa mapurobayotiki odziwika pa ana obwera kuchipatala akutsegula m'mimba ndi kusanza. Sanachire msanga kuposa anzawo. Komabe sindikunena kuti zonse n'zabodza. Ku Odisha, m'dziko la India, makanda oposa 4,500 analowa m'kafukufuku wa mtundu umodzi wosankhidwa mosamala, ndipo mu 2017 zinadziwika kuti matenda oopsa a makanda anatsika ndi magawo 40 pa 100 alionse. Palinso umboni woti mitundu ina imachepetsa kutsegula m'mimba kobwera munthu akamamwa maantibayotiki. Tanthauzo lake n'loti bakiteriya aliyense ali ndi ntchito yake. Mbuzi ndi galu zonse n'ziweto, koma sungapite ndi mbuzi kuuzimba. Botolo longolemba kuti muli mabiliyoni, osatchula mtundu weniweni ndi matenda omwe unayesedwapo, likugulitsa chiyembekezo. Komanso ambiri mwa mabakiteriya omezawa ndi alendo odutsa. Ukasiya kumwa, pakapita masiku kapena masabata ochepa amakhala atatha.

Yogati ili ndi phindu limodzi lomwe akatswiri ambiri satsutsa. Akuluakulu ambiri mu Africa muno mimba zathu sizigaya bwino shuga wa mumkaka, n'chifukwa chake kapu ya mkaka wosawawasa imabweretsa kubangula ndi mpweya. Mabakiteriya a yogati amadyako shuga ameneyu, ndipo akafika amoyo m'matumbo amathandizanso kugaya wotsalayo. Chambiko nacho chimapepukirako pachifukwa chofanana. Yogati mutha kupanga nokha: tenthetsani lita imodzi ya mkaka mpaka utatsala pang'ono kuwira, udikireni uzizire kufika madigiri 43, pomwe chala chotsuka chimapirira, thiranimo masupuni awiri a yogati yopanda shuga, kenako fundikani ndi bulangete maola 6 mpaka 8. Ikakana kugwirana, mwina mkaka unali wotentha kwambiri, unazizira msanga, kapena yogati yoyambirayo inali yotenthetsedwa itapangidwa kale, yopanda zamoyo. Yogati yotereyi ili kutali ndi ija yapinki yodzaza shuga yomwe timagulira ana podikira minibasi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mayi wochedwa kunyumba ndi kabotolo kapena chikho cha thobwa mwana akutha madzi m'thupi. Mwana akatsegula m'mimba, musungunulireni Thanzi ORS m'madzi aukhondo, mupatseni zinki masiku 10 mpaka 14, ndipo musasiye kumuyamwitsa ndi kumudyetsa. Maso akalowa, akamakana kumwa, akafooka kapena mukaona magazi m'chimbudzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Thobwa adzamwa akabwerako.