Sindikulemba anthu ntchito

Pulani yanga ya kafukufuku wa ulova pakati pa achinyamata ku Ndirande inabwezedwa kawiri, ndipo lero ndikuvomereza kuti aphunzitsi sankalakwa. Ndinalemba kuti amfumu andisankhira achinyamata 60 oti ndicheze nawo. Tsiku loyesa mafunso kunabwera chikhamu, ena atanyamula masatifiketi, chifukwa kunamveka kuti kukulembedwa ntchito. Aliyense anati ndi lova, ngakhale wakabaza amene anandibweretsa.

N'chifukwa chake ndimatsutsa anzanga amene amalemba gawo la ufulu wa ofunsidwa mongokwaniritsa mwambo. Munthu akamayembekezera thandizo, amayankha zoti athandizidwe, ndipo ziwerengero zako zimanama.

Pano ndasintha. Ndasankha madera atatu, lililonse anthu 20. Ndizilowa nyumba yachisanu iliyonse n'kusankha mwamaere munthu mmodzi wazaka 18 mpaka 35. Akakhala kuti wachoka, ndizibwerera madzulo, apo ayi ndingopeza okhala pakhomo okha. Ndisanafunse kanthu ndizinena poyera kuti palibe ntchito, palibe ndalama, dzina sililembedwa ndipo kukana n'kololedwa.

Ena azikana, inde. Bola okana khumi kusiyana ndi anthu 60 ondiyankha ali ndi chiyembekezo chabodza.