Siyani kutolera masatifiketi a moni, phunzirani Chipwitikizi

Anzanga ambiri pasukulu pano akafuna kuwonjezera chiyankhulo pa kalata yofunsira ntchito amathamangira Chitchaina kapena Chifalansa. Amalowa kalasi miyezi itatu, nkudziwa kupereka moni ndi kuwerenga mpaka 10, kenako nkujambulitsa atanyamula satifiketi. Ine ndikuti uku nkutaya nthawi, ndipo ngati cholinga chanu ndi ntchito ya zamalonda kuno kwathu, mwasankhanso chiyankhulo cholakwika.

Tayang'anani mapu. Malawi alibe doko, ndipo chigawo chonse chakumwera chazunguliridwa ndi Mozambique. Feteleza, mafuta ndi makontena ambiri amatsikira ku Beira kapena ku Nacala, nkulowera pa Mwanza, pa Dedza, pa Muloza, kapena pa sitima kudzera pa Nayuchi. Fodya, tiyi ndi nandolo wathu amatulukiranso komweko. Njira yonseyo a kasitomu, apolisi a pamsewu ndi akuluakulu a padoko amalemba Chipwitikizi. Komabe pa mayeso a MSCE pali Chifalansa, Chipwitikizi palibe.

Wina anena kuti: nanga ku Angonia ndi ku Zobue suja amayankhula Chichewa? Eya, ndipo pamsika mudzagula mbatata bwinobwino, poti ngakhale mawu akuti mbatata, nsapato ndi kachasu tinabwereka kwa Apwitikizi omwewo. Koma kontena simaombola ndi moni wa pamsika. Imaomboledwa ndi mapepala, ndipo pepala ndi limene limagwetsa munthu wodziwa theka.

Tiyerekeze kuti mwalembedwa ntchito pa kampani yonyamula katundu ku Blantyre. Wokuyimirani ku Beira, amene kumeneko amamutcha despachante, wakutumizirani uthenga kuti masiku aulere osungira kontena akutha quinta-feira. Inu ndi Chipwitikizi chanu cha miyezi itatu mukudziwa kuti quinta ndi chachisanu, ndiye mukuuza dalaivala kuti akafike Lachisanu. Mwagwa nayo. Apwitikizi amayamba kuwerenga Lamulungu, choncho segunda-feira, tsiku lachiwiri kwa iwo, ndi Lolemba, ndipo quinta-feira ndi Lachinayi. Thiraki yachedwa ndi tsiku, kampani ya zombo yayamba kukulipiritsani madola tsiku lililonse, ndipo ofesi ina ikatseka kumapeto kwa sabata ngongoleyo ingokula mpaka Lolemba.

Manambala nawo ali ndi msampha wake. Pa risiti ya ku Mozambique, 12.500,00 ndi 12,500, osati 12 ndi theka, chifukwa iwo kadontho amakaika pamene ife timaika kamchira. Zinthu zotere sizikhala m'phunziro la moni.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti muphunzire mpaka pati. Muyeso wa ku Ulaya umene mabungwe ambiri amatsata uli ndi masitepe 6, kuyambira A1 mpaka C2. Masatifiketi ambiri amene tikunyadirawa ndi a A1. Bwana amafuna B2: munthu amene angaimbe foni ku doko, kukangana pa za chindapusa, nkulemba kalata yodandaula popanda womugwira dzanja. Mayeso a Chipwitikizi a sitepe imeneyi amatchedwa DIPLE, ndipo amakonzedwa ndi CAPLE ya ku Yunivesite ya Lisbon. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America imawerengera kuti wodziwa Chingerezi amafunika maola a m'kalasi pakati pa 600 ndi 750 kuti agwire ntchito m'Chipwitikizi, pamene Chitchaina chimafuna maola 2,200. Tachitani masamu nokha. Pa maola awiri pa sabata, maola 600 ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Pa ola limodzi tsiku lililonse, simukwana zaka ziwiri. Chitchaina pa maola awiri pa sabata mudzachidziwa mutadutsa zaka 40 zakubadwa.

A Chifalansa ali ndi mfundo imodzi imene sindingaikane. Ku United Nations Chipwitikizi sichili m'gulu la ziyankhulo 6 zovomerezeka, ndipo wolota Geneva aphunzire Chifalansa ndithu, koma achifikitse pa B2. Kungoti mwa ife tonse omaliza chaka chino, ndi angati adzaponde Geneva? SADC ndi African Union amagwiritsa ntchito Chipwitikizi, ndipo pa mpando wofuna Chingerezi ndi Chipwitikizi Mmalawi sapikisana ndi khamu la anthu a ku Cameroon ndi ku Congo amene anakulira m'Chifalansa.

Mwayi wathu wina ndi wakuti aphunzitsi ali pafupi. Ife ndi minibasi ya ku Mwanza basi. Tsegulani Rádio Moçambique m'mawa uliwonse, werengani nyuzipepala ya O País mukulemba mawu a zamalonda m'kope, ndipo tchuthi chachitali chikubwerachi kapempheni kuthandiza pa ofesi yoombola katundu pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ngakhale akamangokupatsani ya nkhomaliro yokha.