Kudina batani n'kusaina, koma si batani lililonse

Wogula akayambana ndi kampani yogulitsa katundu pa intaneti, kapena wamalonda wamng'ono akatsekeredwa akaunti ndalama zake zili momwemo, anthu amagawikana pawiri. Ena amafunsa mwamatama kuti, “Anasaina pati? Ationetse pepalalo.” Ena amadula nkhani: “Anadina yekha, akudandaula chiyani?” Onse amalankhula mokweza, ndipo onse akulambalala funso limene makhothi akhala akufunsa kwa zaka zoposa 20.

Ndinene msanga pamene ndaima. Munthu amene waonetsedwa mfundo za mgwirizano, n'kuchonga kabokosi kapena kudina batani lolembedwa kuti “I agree”, wavomera, ndipo n'koyenera kuti lamulo limugwire pa mawu akewo. Zoti panalibe inki sizithandiza aliyense. Chimene chimagwetsa makampani kukhothi ndi china: kulephera kuonetsa kuti munthuyo anadziwitsidwa bwino za mfundozo asanadine, kuti anadinadi ndi iyeyo, ndiponso kuti zimene anavomerazo ndi zimene kampani ikumukumbutsa lero.

Okonda pepala amaiwala kuti siginecha sinakhalepo yopatulika. Ntchito yake ndi kusonyeza mwini wake ndi kusonyeza kuti wavomera zolembedwazo, basi. Agogo athu osadziwa kulemba akhala akudinda chala pa mapepala a ngongole ndi a kubanki, ndipo palibe amene anawabweza poti chala si cholembera. Malonda ambiri a tsiku ndi tsiku safuna n'komwe siginecha. Kuvomerezana pa katundu ndi mtengo n'kokwanira. Pamene lamulo limafunadi siginecha, mayiko anakonza kale. Amereka anakhazikitsa lamulo lovomereza siginecha za pamakina mu 2000, South Africa mu 2002, ndipo kuno kwathu lamulo la 2016 loona za kuchita malonda ndi kutumiza mauthenga pamakina limazivomerezanso. Malire alipo ndithu. Ku South Africa, mwachitsanzo, wilo ndi mgwirizano wogulitsa malo sizilowa m'lamulo limenelo. Koma nsapato, foni ndi chitenje si malo.

Amene akuganiza kuti zimenezi zimapatsa kampani ufulu wochita zimene ikufuna aphunzire kaye zimene zinaonekera Zappos, kampani ya ku Amereka yogulitsa nsapato ndi zovala pa intaneti, imene inagulidwa ndi Amazon mu 2009. Mu Januwale 2012 akuba analowa m'makompyuta ake n'kupeza mayina, maadiresi ndi zina za makasitomala pafupifupi 24 miliyoni. Makasitomala atasuma, kampaniyo inatulutsa mfundo zake, zimene zimati mkangano uliwonse upite kwa mkhalapakati wapadera, osati kukhothi. Mfundo yotere ndi yamtengo wapatali kwa kampani, chifukwa imalepheretsa anthu kusuma limodzi monga gulu, ndipo ndi ochepa amene angalimbe mtima kumenya okha nkhondo ya tindalama tochepa.

Khothi la m'chigawo cha Nevada linakana, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, panalibe pamene kasitomala anafunsidwa kuti avomere. Mfundozo zinali kuseri kwa linki yolembedwa “Terms of Use”, chakumunsi kwa tsamba, pakati pa malinki ena ofanana nayo kukula ndi mtundu. Munthu ankatha kutsegula akaunti, kusankha nsapato, kulipira ndi kulandira katundu wake osaiona n'komwe. Kampani inkati aliyense wogwiritsa ntchito webusaitiyo wavomera kale, koma mawu amenewo anali m'kati mwa chikalata chomwe munthuyo sanatsegulecho. Chachiwiri, kampaniyo inadzipatsa mphamvu yosintha mfundozo nthawi ina iliyonse popanda kuuza munthu. Khothi linaona kuti lonjezo limene mwini wake angalifufute m'mawa uliwonse si lonjezo. Kasitomala anali womangidwa kupita kwa mkhalapakati pamene kampani ikanatha kudzimasula tsiku limene yaona kuti kukhothi kuikomera.

Onani kuti woweruza sanafunse za inki. Akanakhala kuti a Zappos anaika kabokosi koti munthu achonge asanatsegule akaunti, chifukwa choyambacho chikanagwa. Kampani yaikulu chotere, yokhala ndi maloya ake, inaluza pa mfundo imeneyi chifukwa chosafunsa wogula kudina kumodzi kokha.

Ogulitsa mabuku a Barnes & Noble anakumana nazonso. Mu Ogasiti 2011 munthu wina anaitanitsa matabuleti awiri a HP TouchPad amene anatsitsidwa mtengo kwambiri, ndipo tsiku lotsatira kampani inathetsa oda yake ikunena kuti ofuna katunduyo anachuluka. Apa linki ya mfundo inali pafupi ndithu ndi mabatani olipirira. Komabe khothi la apilo mu 2014 linati kuyandikira kokha sikukwanira ngati palibe chimene chikuuza wogula kuti pali mfundo zoti avomere. Udindo wodziwitsa ndi wa mwini webusaiti. Wogula sanalembedwe ntchito yosakasaka m'makona.

Nanga kampani ikachita bwino? Chigamulo cha khothi la apilo la ku England cha mu 2024 chikuyankha, ndipo n'chofunika kwa ife chifukwa makhothi athu amamvetsera zigamulo za kumeneko pa nkhani za mapangano, ngakhale sizimawakakamiza. Mayi wina anagula pa intaneti tikiti ya mapaundi 5 ya masewera a lotale kwa kampani ya Camelot. Chifukwa cha vuto la pulogalamu, zithunzi pa sikirini zinaoneka ngati wapata mapaundi 1 miliyoni, pamene kompyuta ya kampani inalemba kuti wapata mapaundi 10. Malamulo a masewerawo ankati cholembedwa m'kompyuta ya kampani ndicho chotsatira. Mayiyo anali atachonga kabokosi potsegula akaunti, malamulowo anali pa linki yooneka, ndipo pakakhala kusintha kwakukulu ankauzidwa n'kuvomeranso. Analuza. Khothi linati kampani iyenera kuchita zokwanira kuti munthu adziwe za mfundozo ndi kuzipeza mosavuta, koma ilibe udindo womukakamiza kuwerenga.

Apa ndi pamene otsutsa amakweza mawu: “Ndani amawerenga zimenezo?” N'zoona, pafupifupi palibe. Ndipo kuno kwathu pali vuto loonjezera, poti mfundozo zimabwera m'Chingelezi cha maloya, pa kasikirini ka foni, bando ikutha. Koma dandaulo limeneli silinabadwe ndi intaneti. Kalekale mu 1934 khothi la ku England linagamula kuti mayi amene anasaina pepala logulira makina ogulitsira ndudu osawerenga timalemba ting'onoting'ono anali womangidwa nato. Amene amasaina fomu ya ngongole kubanki, mzere uli kumbuyo kwake, nayenso sawerenga. Tikati kusawerenga kumamasula munthu, ndiye kuti palibe mgwirizano wa pa intaneti umene ungaime, kuphatikizapo mfundo zimene zimateteza wogula yemweyo: masiku obwezera katundu, nthawi yolandirira ndalama zake, ndi amene alipire katundu akasweka panjira. Wogulitsa wa ku Lilongwe amene akufuna kuti kampani imupatse ndalama zake pa tsiku lolonjezedwa amadalira chikalata chomwecho chimene akufuna kuchikana pa tsiku la mkangano.

Mfundo ya otsutsa imene ndimaipatsa ulemu ndi ina, ndipo mwatsoka saitchula kawirikawiri. Kuvomera chikalata sikuyeretsa chilichonse cholembedwamo. Ku Canada, dalaivala wina wa Uber woperekera chakudya ku Toronto anadina kuvomera mgwirizano umene unkati mkangano uliwonse ukakambidwe kwa mkhalapakati ku Netherlands, ndipo kungoyamba mlandu kunkafuna madola a ku Amereka 14,500. Iye ankapeza madola a ku Canada 400 mpaka 600 pa sabata. Mu 2020 khothi lalikulu la dzikolo linathetsa mfundoyo ponena kuti ndi yopondereza. Silinakane kuti anadina. Linangoti wamphamvu sangagwiritse ntchito chikalata chosakambirana kutsekera wofooka khomo la chilungamo. Amalonda ang'onoang'ono amene amagulitsa kudzera m'makampani akunja aziyang'ana ndime imeneyi kuposa ina iliyonse: mkangano ukapita kuti, pa lamulo la dziko liti, ndipo kampani ingasunge ndalama zawo kwa masiku angati ikatseka akaunti. Akumbukirenso kuti m'mayiko ambiri malamulo oteteza ogula sawafikira iwo, poti pa mawebusaiti a makampaniwo ali ngati amalonda.

Chotsala ndi umboni, ndipo apa ndi pamene ndimadera nkhawa makampani athu achinyamata, amene ambiri amangokopera mfundo za kampani yakunja n'kuzipachika kumunsi kwa tsamba, kumene a Zappos anapachika zawo. Tsiku la mlandu woweruza sadzakhutira ndi mawu oti “aliyense amavomera akamalembetsa”. Adzafuna kuona mmene sikirini inkaonekera tsiku limene munthuyo analembetsa, osati mmene ikuonekera lero. Adzafuna tsiku ndi nthawi ya kudinako, akaunti imene inadina, ndi kope la mfundo zimene zinalipo tsiku limenelo. Kabokosi kakhale kopanda chochonga, munthu achonge yekha. Mawu oti kuchonga ndi kuvomera akhale pambali pake penipeni, linki ioneke kuti ndi linki, ndipo asathe kupitirira asanachonge. Mfundo zikasintha, munthu afunsidwenso. Zonsezi ndi ntchito yochepa kwa wolemba mapulogalamu, yotsika mtengo kuposa tsiku limodzi la loya.

Funso loti anadina ndani ndi lovuta kwambiri kumene foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, kapena kumene wapakiyosiki amalembetsera makasitomala ake. Dzina lolembedwa pa sikirini pa lokha silinena amene anali ndi foni m'manja. Ku South Africa, khothi la apilo linavomera mu 2014 kuti mayina otayipidwa kumapeto kwa maimelo anali siginecha zokwanira kuthetsa mgwirizano, chifukwa panalibe wokana kuti maimelowo analembedwa ndi eni ake. Khothi lomwelo mu 2020 linagamula motsutsana ndi kampani yosamalira chuma imene inatulutsa marandi 804,000 a kasitomala potsatira maimelo a akuba okhala ndi dzina lake kumapeto, pamene mgwirizano wawo unkafuna siginecha yake. Kampani yogulitsa pa intaneti imene imatumiza nambala yachinsinsi ku foni ya munthu asanavomere, n'kusunga umboni woti nambalayo inalowetsedwa, imakhala ndi choonetsa munthu akadzakana. Imene imangodalira dzina ndi imelo idzavutika kutsimikizira kuti si mphwake amene anadina.