Pempho lathu pa ndalama zomwe mwadula mwezi wa Meyi

Unit D, Seke
Chitungwiza
16 Juni 2025

Kwa a Manijala a Nthambi ya Banki,

Bwana,

Talandira kalata yanu yoyankha dandaulo lathu. Ife ndife makasitomala anu a kuno ku Unit D, ambiri mwa ife okalamba amene timadalira penshoni ndi tindalama tomwe ana amatumiza. Mwatiuza kuti US$5 yomwe yadulidwa pa akaunti ya aliyense wa ife pa 31 Meyi ndi msonkho wa boma. Yankho limeneli sitikugwirizana nalo.

Msonkho wa IMTT timaudziwa. Ndi masenti 2 pa dola iliyonse yomwe munthu watumiza kapena kulipira kudzera ku banki, ndipo umapita ku ZIMRA. Taonani sitetimenti ya mayi mmodzi mwa ife, yomwe taiphatikiza ndi kalatayi. Pa 9 Meyi anatumiza US$40 kusukulu ya mdzukulu wawo, ndipo m'munsi mwake muli mzere wa IMTT wa US$0.80. Pamenepo palibe mlandu. Koma kuti msonkhowu ufike US$5, mayiwa akanayenera kutumiza US$250, pomwe mwezi wonsewo ndalama za mu akaunti yawo sizinapitirire US$70. Komanso pa 31 Meyi sanatumize kanthu, sanatapenso ndalama, ndipo mzerewo walembedwa kuti SERVICE FEE. Imeneyi ndi ndalama yolowa kubanki kwanu, si ya boma ayi.

Apa ndiye pagona nkhani. Mu Epulo 2024, pokhazikitsa ndalama ya ZiG, Gavanala wa Reserve Bank of Zimbabwe, a John Mushayavanhu, analamula kuti mabanki asamadule ndalama yosungira akaunti pamwezi kwa munthu amene ndalama zake zakhala pa US$100 kapena kucheperapo kwa masiku 30, kaya ndi za madola kaya za ZiG zofanana nazo. Masitetimenti athu onse akuonetsa kuti tili m'gulu limeneli.

Choncho tikufuna kuti mubweze US$5 ija mu akaunti ya aliyense amene wasaina pansipa, pasanathe masiku 14. Muunikenso masitetimenti athu kuyambira Epulo 2024, pakuti ambirife sitipempha sitetimenti mwezi ndi mwezi, ndipo ngati munadulanso miyezi ina, mubweze zonse. Ngati mukuona kuti lamuloli silikhudza maakaunti athu, mutilembere chifukwa chake, mutchule ndime ya mgwirizano womwe tinasaina ndi tsiku lomwe munatidziwitsa za mtengowu. Zongotiuza pakamwa pakauntala sitizifuna, chifukwa mawa tidzapezapo kalaliki wina.

Masikuwa akatha tisanamve kanthu, tidzatengera dandauloli ku Reserve Bank of Zimbabwe, 80 Samora Machel Avenue, Harare, pamodzi ndi kalata yanu ija.

Ife anu,
Makasitomala a ku Unit D
(maina, manambala a akaunti ndi masaini zili pa tsamba lachiwiri)