Mbewu zitatu m'dimba limodzi si kugawa ayi

Chaka cha Freddy, 2023, ndinathira ndalama zanga zonse m'dimba la kufupi ndi Shire: chimanga, mbatata, nyemba. Ndinkati ndagawa bwino. Madzi atabwera anakokolola zitatu zonsezo tsiku limodzi, poti zinali malo amodzi. Zinatidyetsa ndi mapira a kumtunda ndi mbuzi ziwiri zomwe mayi a kunyumba anakana kugulitsa.

Pano ndisanaike ndalama ndimafunsa kuti, chingaphe ichi ndi chiyani? Dimba limafa ndi madzi, munda wa kumtunda ndi dzuwa, thonje ndi mtengo wa ogula, mbuzi ndi matenda kapena akuba. Zonsezi sizigwa mwezi umodzi. Banki mkhonde nayo muzisamala nayo: ngati nonse m'gulu mumadalira thonje, likavuta palibe wobweza ngongole.

Ndiye abale a m'tauni, mukatumiza kangachepe kuno ku Ngabu, musakwiye mukamva kuti theka ndagulira mbuzi.